Maloni awiri ali patebulo: mmene mungadziwire yotchipa musanasaine

Kupeza kokongola ndalama mu Blantyre muno sikovuta ngati muli ndi peyisilipi kapena geni yooneka, pali mabanki mu tauni, timaofesi ta ngongole ku Limbe ndi ku Ginnery Corner, ma SACCO a kuntchito, ndiye palinso anyamata aja oyenda m'maofesi ndi mafomu m'chikwama. Chovuta nchakuti aliyense amatchula mtengo wake m'njira yakeyake. Uyu akuti 3 peresenti pamwezi, uyu akuti 42 peresenti pachaka, wina satchula n'komwe peresenti angokuuzani kuti muzingodulidwa zakuti pamwezi basi. Manambala amenewa sangafananizidwe mmene alilimu, muyenera kuwasandutsa kaye akhale a mtundu umodzi, ndipo amene timawafuna ndi atatu: instolomenti ya pamwezi, ndalama zonse zomwe mudzabweze, ndi APR, ndiye kuti mtengo weniweni wa ngongoleyo pachaka mutaphatikiza chiwongola dzanja ndi timafizi tonse.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Manambala ake ndangopanga kuti tiwerengere, si a banki kapena kampani ina iliyonse, inu mudzaikapo anu. Tinene kuti bambo wina wa ku Chirimba, wapantchito, amalandira K320,000 akadula zonse, ndipo akufuna mita imodzi yoti afolere nyumba mvula isanayambe. Wapita malo awiri.

Loni A ndi ya kampani yobwereketsa ndalama: K1,000,000, chiwongola dzanja 3 peresenti pamwezi cha fulati, miyezi 12, fizi yokonzera loni 5 peresenti ndi inshuwaransi 1 peresenti, zonse ziwiri amaduliratu.

Loni B ndi ya ku banki: K1,000,000 yomweyo, 42 peresenti pachaka chowerengera pa ngongole yotsala, miyezi 24, fizi 3 peresenti ndi inshuwaransi 1 peresenti, nazonso zoduliratu.

Kungoona chonchi ambiri timathamangira A. 3 kuchulukitsa ndi 12 ndi 36, ndipo 36 ndi yochepa kwa 42, nde bwanji osatenga yomweyo? Dikirani kaye.

Sitepe 1: pemphani pepala, osati mawu apakamwa

Musanawerengere kalikonse muwauze akupatseni ndandanda wa kabwezedwe, pepala lija losonyeza mwezi ndi mwezi kuti mukupereka zingati, pa zimenezo chiwongola dzanja ndi zingati, ndipo ngongole yatsala zingati. Loni ofisa ali nalo mu kompyuta, kulipilinta sizitenga nthawi. Akayamba kunena kuti "bwana lija limatuluka mukasaina" muwayankhe mwaulemu kuti "achimwene, ndiye ndisaina chiyani ndisanaone", ndipo akakanabe dziwani kuti pamenepo pali nkhani.

Pepalalo lili m'manja funsani izi ndipo mayankho ake mulembe nokha kuseli: mu akaunti mwanga mulowa ndalama zingati ndendende, chiwongola dzanjachi ndi cha fulati kapena chotsika ndi ngongole yotsala, pali china chomwe ndizilipira pamwezi kupatula instolomenti, peresentiyi ikhoza kusintha pakati panjira, ndipo ndikafuna kumaliza msanga mundilipiritsa chiyani. Mafunso awiri omalizawa tiwabwerera kutsogoloku.

Sitepe 2: lembani ndalama yomwe ifike m'manja mwanu

Apa mpomwe anthu ambiri amaphonya poyambirira penipeni. Pa fomu palembedwa K1,000,000 koma si imene mutenge. Ku A akudula K50,000 ya fizi ndi K10,000 ya inshuwaransi, ndiye meseji ya pafoni ibwera ya K940,000. Ku B akudula K30,000 ndi K10,000, mulandira K960,000. Chiwongola dzanja koma akuwerengera pa mita yonse, ndiye kuti mukulipira intaresiti ngakhale pa ndalama zomwe simunazigwireko n'komwe.

Ena sadula, amawonjezera fiziyo pamwamba pa ngongole, mulandira mita yathunthu koma mukongola K1,060,000. Palibe vuto, lamulo ndi lomwelo: lembani yomwe yalowa m'thumba. Ndipo ngati anakuuzani kuti musungitse kaye ndalama ina kwa iwo ngati chikole, yomwe simungaikhudze mpaka loni ithe, imeneyonso ichotseni pa yomwe mwalandira chifukwa simungagulire malata ndalama yotsekeredwa. Adzakubwezerani kumapeto inde, koma nthawi yonseyo mwakhala mukuilipirira chiwongola dzanja.

Kanthu kena kakang'ono koma kowawa: ngati malata ndi mitengo ndi mmisiri zikufuna mita ndendende, K940,000 sikwana, mudzapezeka mukusaka K60,000 kwina, mwinanso kwa akatapila. Bwino kudziwiratu lero.

Sitepe 3: fulati kapena chotsika, nkhani yonse yagona apa

Chiwongola dzanja cha fulati amachiwerengera pa ndalama yomwe munatenga tsiku loyamba, ndipo sichisintha ngakhale mwabweza kale theka. Ku A, 3 peresenti ya K1,000,000 ndi K30,000, mwezi uliwonse, miyezi 12, zonse K360,000. Kuphatikiza ndi mita ija ndi K1,360,000, kugawa ndi 12 instolomenti ikubwera K113,333. Mkati mwa instolomenti imeneyi K83,333 ikubweza ngongole ndipo K30,000 ndi chiwongola dzanja.

Tsopano taonani mwezi womaliza. Mwabweza kale miyezi 11, ngongole yeniyeni yomwe yatsala ndi K83,333 yokha, koma akukudulanibe K30,000 ya chiwongola dzanja. K30,000 pa K83,333 ndi 36 peresenti, pa mwezi umodzi wokhawo! Mwezi woyamba inalidi 3 peresenti, koma kuchokera pamenepo yakhala ikukwera mwakachetechete chifukwa ngongole ikuchepa pomwe K30,000 ili pompo. Zili ngati munachita lendi nyumba ya zipinda 12, mwezi uliwonse mukubweza chipinda chimodzi kwa alandilodi koma lendi osatsika, mpaka mwatsala m'kachipinda kamodzi mukulipirabe ya nyumba yonse.

Ku B zimayenda mosiyana. 42 peresenti pachaka kugawa ndi 12 ndi 3.5 peresenti pamwezi, ndipo amaiwerengera pa zomwe zatsala basi. Instolomenti yake pa miyezi 24 ndi K62,273. Mwezi woyamba chiwongola dzanja ndi K35,000, yotsalayo K27,273 ikudula ngongole, kutsala K972,727. Mwezi wachiwiri 3.5 peresenti akuitenga pa K972,727, ndiye ndi K34,045, ndipo K28,228 ikupita ku ngongole. Chimangotsika chonchi mpaka kumapeto komwe pafupifupi instolomenti yonse imakhala ikubweza ngongole.

Ndiye ngati loni ofisa sakuyankha zomveka, ndandanda uja akuuzani yekha. Yang'anani mzere wa chiwongola dzanja kuchokera pamwamba kutsika. Ngati nambala ili imodzimodzi mwezi ndi mwezi, ndi fulati. Ngati ikunka nichepa, ndi chotsika. Njira ina yachangu: tengani peresenti ya pamwezi, chulukitsani ndi ndalama yokongolayo ndi miyezi yonse, mukapeza kuti yankho likufanana ndendende ndi chiwongola dzanja chonse chomwe alemba, ndi fulati ameneyo ngakhale asatchule dzina lake.

Kwa loni ya chaka chimodzi chonchi, peresenti ya fulati mukafuna kuiyerekeza ndi ya chotsika muichulukitse ndi 1.7 kapena kuposerapo pang'ono. 36 ya fulati ija imafanana ndi pafupifupi 61 ya chotsika, tisanaike n'komwe mafizi. Ndiye 36 ndi 42 zija sizinali zofananitsa, zoona zake ndi 61 ndi 42.

Sitepe 4: zonse zomwe mudzabweze

Iyi njosavuta, kalikyuleta ya pafoni ikukwana. Instolomenti kuchulukitsa ndi miyezi, ndipo ngati pali kandalama kena kapamwezi monga ka akaunti yomwe akukukakamizani kutsegula chifukwa cha loniyo, kawonjezereni.

A ndi K1,360,000. B ndi K62,273 kuchulukitsa ndi 24, yomwe ndi K1,494,552. Kenako chotsani yomwe munalandira ija kuti muone mtengo weniweni wa ngongoleyo mu makwacha. A: K1,360,000 kuchotsa K940,000, mwalipira K420,000. B: K1,494,552 kuchotsa K960,000, mwalipira K534,552.

Eee, nde B yadula ndi K114,552? Pa manambala awa inde. Koma musaiwale kuti ndalama ya B mwakhala nayo zaka ziwiri pomwe ya A chaka chimodzi. Nambala ya zonse zobweza sinama, imakuuzani ndalama yomwe ituluke m'thumba mwanu, kungoti siiona nthawi, ndiye pa maloni a miyezi yosiyana ikhoza kukupusitsani kuti wodula aoneke wotchipa. Nchifukwa chake tikufunika nambala yachitatu.

Sitepe 5: pezani APR nokha

APR imayankha funso ili: pa ndalama yomwe ndinalandiradi, ndi mmene ndikubwezeramu, ndikulipira peresenti yanji pachaka? Imatenga chiwongola dzanja, mafizi, ndi nthawi nkuziika mu nambala imodzi, ndiye loni ya miyezi 12 ndi ya miyezi 24 zimatha kuima pamzere umodzi. Ngati pa pepala lawo alembapo kale APR ndi bwino, komabe iwerengereni nokha chifukwa simukudziwa ngati aikamo inshuwaransi kapena aisiya panja.

Pamanja njovuta kuwerengera, koma Excel kapena Google Sheets ya pafoni imachita pakanthawi kochepa. Tsegulani tsamba latsopano, dinani kabokosi kamodzi, lembani chonchi kwa A:

```
=RATE(12,-113333,940000)*12
```

Nambala yoyamba ndi miyezi, yachiwiri ndi instolomenti ndipo ikhale ndi mayinasi kutsogolo chifukwa ndi ndalama yotuluka, yachitatu ndi yomwe munalandira m'manja, osati ya pa fomu. Yankho libwera 0.74 ndi timanambala tina, kapena 74%, kutengera mmene kabokosiko kaikidwira. Ikakana nkulemba zolakwika, kawirikawiri mwaiwala mayinasi uja, kapena mwalemba K kapena makoma mkati mwa manambala ngati 940,000, kapena foni yanu imafuna ; m'malo mwa koma pakati pa manambala atatuwo.

Kwa B:

```
=RATE(24,-62273,960000)*12
```

Apa ibwera pafupifupi 47 peresenti.

Ndiye loni ija imaoneka ya 36 ndi ya 74, ndipo ija ya 42 ndi ya 47. Ku A fulati yokha inakweza kuchoka pa 36 kufika 61, ndipo K60,000 yoduliratu ija yawonjezera 13 ina pamwamba. Anthu timaderera fizi ya 5 peresenti poti ndi kamodzi kokha, koma pa loni yaifupi imaluma kwambiri chifukwa ilibe miyezi yambiri yoti imwazikemo.

Ngati loni yanu ndi yobweza pa sabata, ngati zija za magulu a amayi a geni m'misika ya Ndirande ndi Limbe, ikani nambala ya masabata ndi ndalama ya pa sabata, kumapeto chulukitsani ndi 52 m'malo mwa 12.

Chenjezo limodzi apa. Pali njira ziwiri zosandutsira peresenti ya pamwezi kukhala ya pachaka. Ina ndi yomwe tachitayi, kungochulukitsa ndi 12. Ina imawerengera kuti chiwongola dzanja chimaberekanso chinzake mwezi ndi mwezi, ndipo imatulutsa nambala yaikulu:

```
=(1+RATE(12,-113333,940000))^12-1
```

Mwanjira imeneyi A ikufika pafupifupi 106 peresenti ndipo B pafupifupi 58. Zonse nzoona, palibe yabodza, koma musatenge 74 ya njira yoyamba nkuifananitsa ndi 58 ya njira yachiwiri. Wobwereketsa wina akhoza kulemba ya mtundu uwu wina ya mtundu winawo, nchifukwa chake ndikuti werengerani nokha maloni onse awiri ndi fomula imodzi.

Pongodutsa, katapila uja wakuti tenga K100,000 udzabweze K150,000 pakutha pamwezi ndi 50 peresenti pamwezi, kuchulukitsa ndi 12 ndi 600. Muziikumbukira nambala imeneyi mukamaganiza zokatenga kumeneko yokwaniritsira instolomenti.

Sitepe 6: ikani maloni onse pa miyezi yofanana

Pano tili ndi chisokonezo chooneka ngati chenicheni. A yapambana pa zonse zobweza, B yapambana pa APR ndi pa instolomenti. Ambiri amaimira pomwepa nkusankha ndi mtima, wina ati ine sindifuna ngongole ya zaka ziwiri bola A ndithane nazo, wina ati bola B yodula pang'ono pamwezi. Koma miyezi 24 ija si lamulo lochokera kumwamba, ndi nambala yomwe loni ofisa anangoyamba nayo, mwina poona salale yanu. Bwererani ku B mukafunse kuti "nanga mutandiikira miyezi 12 zikhala bwanji, nanga 18?" Mukhozanso kuwerengeratu muli kunyumba:

```
=PMT(0.42/12,12,-1000000)
```

Apa mukuika ndalama ya pa fomu, mita yonse, chifukwa ndi pomwe banki ikuwerengera. Pa miyezi 12 instolomenti ya B ikubwera K103,484. Zonse pamodzi K1,241,808, kuchotsa K960,000 yomwe munalandira, mtengo wake ndi K281,808. Ikani pambali pa A tsopano, miyezi yofanana: A K113,333 pamwezi ndi mtengo wa K420,000, B K103,484 pamwezi ndi mtengo wa K281,808. B yapambana paliponse, ndipo kusiyana kwake ndi K138,192, ndalama yoti pa nyumba ya ku Chirimba ija ikanagwira ntchito yooneka.

Mukaithamangitsanso RATE pa B ya miyezi 12 mupeza kuti APR yakwera pang'ono kufika pafupifupi 50, musadabwe, ndi K40,000 yoduliratu ija yomwe tsopano yapanikizika m'chaka chimodzi. Izi zikutiphunzitsanso malire a APR: B ya miyezi 24 ili ndi APR yotsikirapo kuposa B ya miyezi 12, koma mu makwacha ndi yodula pafupifupi kawiri. Ndiye APR igwiritseni ntchito posankha wobwereketsa, koma posankha kutalika kwa loni yang'anani makwacha.

Ya miyezi 18 ndi yomwe imandisangalatsa. Sinthani 12 wachiwiri mu fomula ya PMT ija akhale 18, instolomenti ikubwera K75,817, zonse pamodzi K1,364,706. Munthu wongoyang'ana zonse zobweza anena kuti A ikadali yotchipa ndi K4,706. Koma ku B munalandira K20,000 yochuluka, ndiye mtengo weniweni ndi K404,706, pansi pa K420,000 ya A. Ndiye kuti mwakhala ndi ndalamayo miyezi 6 yowonjezera, mukudulidwa K37,516 yochepa mwezi uliwonse, ndipo mwalipirabe zochepa. Mukanapanda kulemba ndalama yofika m'manja pa sitepe 2 paja simukanaziona zimenezi.

Sitepe 7: instolomenti iyezeni ndi mwezi wanu woipa

Tikadziwa kuti wotchipa ndi B, funso lotsala ndi la miyezi ingati, ndipo limeneli limayankhidwa ndi peyisilipi osati fomula. Bambo athu aja amalandira K320,000. Ya miyezi 12 iwasiyira K216,516, ya miyezi 18 iwasiyira K244,183, ya miyezi 24 iwasiyira K257,727. Lembani pansi zomwe sizingadumphidwe, lendi ngati mukadali pa lendi, ufa ndi ndiwo, makala, mayunitsi a ESCOM, bilu ya madzi, minibasi yopita kuntchito tsiku ndi tsiku, nkuona chotsala.

Ndipo musayeze ndi mwezi wabwino. Yezani ndi Januwale, pomwe sukulu fizi yafika, chimanga chakwera mtengo, kumudzi akuimba foni za feteleza wobereketsa, ndipo ya Khirisimasi inatha kalekale. Alawansi ndi ma ovataimu musawawerengere, amabwera akafuna. Ine ndimaona kuti maloni onse pamodzi akadutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yomwe mumatenga kunyumba, munthu umayamba kukhalira kukongola pofika pa 15. Pa K320,000 malire amenewo ndi pafupifupi K106,000. A yadutsa kale. B ya miyezi 12 ili m'mphepete penipeni, ikutheka ngati kunyumba kuli ndalama ina yolowa, kaya mayi ali ndi geni yawo, koma ngati salale ndi yokhayo ndiye maliro amodzi kapena matenda amodzi akugwetsani. Ndikanakhala ine ndikanatenga ya miyezi 18. Kuchoka pa 18 kupita pa 24 instolomenti ikungotsika ndi K13,544 pamwezi koma mtengo wa loni ukukwera ndi K129,846, kupepukidwa kwake nkochepa poyerekeza ndi ndalama yomwe mukuwonjezera.

Chifukwa chomwe sindikukankhirani ku yaifupi kwambiri ngakhale ili yotchipa nchakuti kuphonya instolomenti kuli ndi mtengo wake womwe suli mu APR. Pamabwera penoti, ena amaiwerengera tsiku ndi tsiku, ndipo mbiri yanu imakafika ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole komwe obwereketsa ena amakayang'ana musanapatsidwe loni ina. Funsani penotiyo ndi zingati ndipo akuiwerengera pa instolomenti yomwe mwaphonya kapena pa ngongole yonse yotsala, kusiyana kwake nkwakukulu. Onaninso tsiku lodula. Ngati salale imalowa pa 27 koma nthawi zina imachedwa mpaka pa 2, musavomere kuti azidula pa 25, pemphani tsiku la pambuyo pa malipiro.

Sitepe 8: mafunso awiri aja tinawasiya

Loyamba, peresenti ikhoza kusintha? Maloni ambiri a m'mabanki kuno amamangiriridwa ku mlingo wa chiwongola dzanja womwe mabanki amalengeza mwezi ndi mwezi, iwo nkuwonjezerapo kawo pamwamba. Mlingowo ukakwera loni yanu imakwera nayo, instolomenti imakula kapena miyezi imawonjezeka. Si nkhani yongoopseza, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inakweza mlingo wake kufika 26 peresenti kumayambiriro kwa 2024, ndipo amene anali ndi maloni osinthasintha anazimva. Loni ya fulati nthawi zambiri imakhala yokhazikika, apa ndiye A ili ndi kaubwino kake. Njira yoyezera ndi kubwerera ku PMT ija nkuika peresenti yokwererapo, mwachitsanzo 0.47 m'malo mwa 0.42, muone ngati instolomenti yatsopanoyo mungaikwanitse. Pa chitsanzo chathuchi mpata wa pakati pa 47 ndi 74 ndi waukulu moti B ikhalabe pansi, koma maloni awiri akayandikana, monga 50 ndi 54, wokhazikikayo akhoza kukhala wabwino ngakhale APR yake ili yokwererapo.

Lachiwiri, kumaliza msanga. Pa loni ya chotsika, mukapeza ndalama nkubweza yotsala yonse, chiwongola dzanja cha miyezi yakutsogolo chimafa pompo. Titenge B ya miyezi 24, mwalipira chaka chimodzi, ndiye K747,276 yapita ndipo ngongole yatsala pafupifupi K601,800. Inde, mwadutsa theka la nthawi koma ngongole sinafike theka, chifukwa miyezi yoyambirira chiwongola dzanja ndi chomwe chimadya gawo lalikulu. Mukaitseka pamenepo zonse zikukwana pafupifupi K1,349,000, mtengo wake pafupifupi K389,000, pansibe pa K420,000 ya A, bola pasakhale chindapusa chotsekera msanga. Pa fulati ndi pomwe muyenera kufunsitsa, chifukwa ena amati chiwongola dzanja chonse cha miyezi 12 chinalowa kale m'ngongole tsiku losaina, ndiye ngakhale mubweze mwezi wachinayi mulipirabe K360,000 yonse. Yankho la funso limeneli likhale lolembedwa mu mgwirizano, muwauze akulozereni ndime yake ndi chala.

Izi zimakhudzanso ma topu apu aja amakuimbirani foni loni ikafika pakati, "bwana mwayenerera ndalama ina". Chomwe chimachitika nchakuti amatseka loni yakale ndi yatsopano, nkudulanso fizi pa ndalama yonse yatsopanoyo, inu nkulandira kotsalako. Ngati yakaleyo inali ya fulati yopanda kuchotsera, mwalipira chiwongola dzanja cha miyezi yomwe simunafike, kenako mukuchilipiriranso chiwongola dzanja china. Topu apu muitenge ngati loni yachitatu yofunika kuwerengera payokha, mufunse kuti yakale akuitseka ndi zingati, muyerekeze ndi ngongole yotsala yomwe ili pa ndandanda wanu woyamba uja.

Tsiku losaina tengani pepala lomwe munalembapo manambala anu, ndipo musanagwire cholembera onani zinthu zinayi pa mgwirizano: ndalama yolowa mu akaunti, instolomenti, nambala ya miyezi, ndi mawu onena za fulati kapena chotsika. Chimodzi chikasiyana ndi zomwe anakuuzani, kaya miyezi yasanduka 24 pomwe munagwirizana 18, kaya pawonekera kafizi kena komwe sikanatchulidwe, tulutsani foni muikenso manambala atsopanowo mu RATE muli pampando pomwepo, ndipo malo ena aliwonse osalembedwa pa fomu muwadule mzere musanasaine. Kope ya mgwirizano ndi ya ndandanda mutuluke nazo tsiku lomwelo, osavomera zakuti mudzatenge mawa.